Makasitomala a pa golosale ndiwagawe bwanji kuti ndidziwe woyenera kumuchotsera mtengo ndi woyenera basela?

Mwini golosale, Chilomoni:
Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi kagolosale m'mbali mwa msewu wa fumbi, ndimagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo, ufa, fulawa, buledi, mazira, soya ndi tina totero. Katundu ndimapikula ku Limbe. Vuto langa ndi loti aliyense wobwera amafuna kanthu. Abambo ogula zambiri mwezi ukatha amati ndiwachotsere. Amayi ophika mandasi amati mtengo wawo ukhale wina. Oyandikana nawo amafuna ngongole. Ndikamvera onse phindu limathera momwemo, ndikakana amapita pa golosale ya kutsogoloku. Ndikufuna ndiwagawe m'magulu kuti ndidziwe amene ndingamuchitire chiyani, koma ndiyambire pati? Ndiwagawe potengera ndalama zimene amasiya, kapena potengera kuti amabwera kangati? Inu amene munazichitapo ndithandizeni chonde.

Bambo wa ku Area 25:
Nkhani yosavuta iyi mayi. Onani anthu khumi amene amasiya ndalama zambiri nthawi imodzi, amenewo ndiwo akugwirizira shopu. Achotsereni, atumizireni uthenga pa WhatsApp katundu akafika, ngakhale kuwanyamulira mpaka kunyumba. Ogula ka mafuta ka K300 asakutayitseni nthawi, amabwera okha.

Mayi amene anagulitsapo mu holoselo:
Achimwene a ku Area 25 alondola mbali imodzi, poti muyenera kudziwa amene akugwirizira shopu. Koma muyeso wawo ungakusokeretseni. Ndalama imene munthu wasiya pa kauntala yambiri ndi ya holoselo, yanu ndi phindu lotsala basi. Ndiye muyese anthu ndi phindu limene amakusiyirani pa mwezi wathunthu.

Ndipereke chitsanzo ndi manambala ongoyerekeza, inu muikemo anu. Bambo wa mwezi ukatha abwera kamodzi ndi K80,000. Agula shuga mapaketi angapo, mafuta a botolo lalikulu, mpunga, sopo. Katundu ameneyu aliyense amadziwa mtengo wake m'tauni monse, ndiye simungaikepo phindu lalikulu. Tinene kuti pa K100 iliyonse mumatsala ndi K6. Pa K80,000 mwapeza K4,800. Akakuuzani kuti "mayi chotsaniko K3,000 poti ndagula zambiri" inu n'kuvomera, mwatsala ndi K1,800 yokha, ndipo mashelefu atsala mbee, mawa mukwere minibasi kukaodanso.

Tsopano taonani mayi uja wa K2,000 pa tsiku. Amagula mafuta oyeza, shuga womanga m'timapepala, mazira awiri, mchere, theka la buledi. Zoyezayeza ndi zomangamanga phindu lake limakhala lokwerapo chifukwa ntchito yogawa mwaigwira ndinu. Tinene K15 pa K100 iliyonse. Akabwera masiku 26 pa mwezi wasiya K52,000, phindu lanu K7,800, ndipo sanapemphe kuchotseredwa ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene akuti asakutayitseni nthawiyo wakupatsani phindu loposa la bambo wa K80,000 uja asanachotseredwe n'komwe.

Sindikuti wa mwezi ukatha mumuthamangitse ayi. Iye amakupatsani ndalama yochuluka nthawi imodzi yoti mukaodere belo la shuga kapena katoni ya sopo, ndipo zimenezo n'zofunika. Koma pomusangalatsa musamadule mtengo wa shuga ndi mafuta. Mpatseni basela la chinthu chimene inu munagula motsika koma iye amachiona chamtengo, monga paketi ya mchere kapena machesi, ndipo mwana amunyamulire katundu. Zimenezo zikudyerani mwina K700, pomwe kuchotsa kukanakudyerani K3,000.

Mwini golosale, Chilomoni:
Zikomo kwambiri amayi, manambala amenewa anditsegula maso. Koma ine ndidziwa bwanji kuti uyu amasiya zingati pa mwezi? Ndilibe makina, ndili ndi kope la ngongole lokha. Kulemba munthu aliyense wolowa sindingakwanitse, m'mawa pamakhala mzere wa ogula buledi.

Mayi amene anagulitsapo mu holoselo:
Simukufunika kulemba aliyense. Gulani kope lina lachiwiri, losiyana ndi la ngongole. Lembani mayina a anthu amene nkhope zawo mumazidziwa, mwina 30 kapena 40, aliyense mzere wake. Wosamudziwa dzina mulembe mmene mumamudziwira, monga mayi a pa mpopi kapena bambo a kabaza. Munthu akagula, lembani ndalama yokha pa mzere wake. Mzere wa ogula ukakhala wautali mudzalemba masana, kusiyana pang'ono sikuwononga kanthu. Ongodutsa onse akhale pa mzere umodzi, muziwalemba pamodzi madzulo.

Muchite zimenezi mwezi wathunthu, kuchokera pakati pa mwezi uno mpaka pakati pa mwezi wamawa, kuti masiku a malipiro alowemo ndi masiku ouma omwe. Mukangolemba sabata ya malipiro yokha mudzaganiza kuti shopu yonse ndi ya a mwezi ukatha. Musasankhenso Disembala kapena Januwale, umodzi anthu amamwaza, winawo ndalama zonse zapita ku fizi ndi feteleza.

Mwezi ukakwana, pa dzina lililonse yankhani mafunso atatu: wabwera kangati, amakonda kugula zoyeza kapena zamapaketi, amalipira pompo kapena amalembetsa. Magulu adzaonekera okha. Kawirikawiri mumapeza a tsiku ndi tsiku, a mwezi ukatha, ogula kuti akachitire bizinesi, ndi ongodutsa. Ongodutsawo safuna basela lililonse, sadzabweranso chifukwa cha mchere. Iwo akufuna mtengo wolembedwa pooneka, chenje msanga, ndi chakumwa chozizira. Pamenepo musataye khobidi.

Ndipo mudziwe amene amatuma. Ana ambiri obwera ndi ndalama m'manja ndi nyumba imodzi ya a tsiku ndi tsiku, alembeni pa dzina la mayi awo.

Mlongo wa ku Zomba:
Ine izi sindikugwirizana nazo. Tonse ndife anthu, ndalama ndi imodzimodzi. Mukayamba kusankha kuti uyu ndi wapamwamba uyu ndi wapansi ndiye tsankho limenelo. Kwathu kuno wina ankagulitsa shuga mitengo iwiri, akaona wovala bwino mtengo wina, akaona mnzake wa ku tchalitchi mtengo wina. Anthu atazindikira anamuthawa onse.

Wophika mandasi, Bangwe:
Achemwali a ku Zomba, amene mukunenayo ankayang'ana nkhope, n'chifukwa chake zinamuvuta. Mayiwa akufunsa za kagulidwe. Ndilankhule monga kasitomala. Ine ndimagula fulawa, mafuta, shuga ndi yisiti pa golosale imodzi masiku asanu pa sabata. Mwini wake analemba pakhoma kuti wogula fulawa kuyambira makilogalamu 5 mtengo wake ndi uwu. Aliyense amawerenga, ndipo ngakhale inu mutabwera lero koyamba n'kugula makilogalamu 5 mulipira mtengo womwewo. Palibe amene amanyinyirika. Akanati azindinong'oneza mtengo wanga ndekha bwenzi nkhani itafika kale pa mjigo.

Koma ndikuuzeni mayi a ku Chilomoni, chimene chimandisunga pamenepo mtengo ndi wachiwiri. Choyamba n'choti ndikafika madzulo fulawa wanga ndimamupeza. Tsiku limene ndasowa fulawa sindiphika, ana a sukulu m'mawa agula kwa wina. Shuga atasowa mu 2024 muja, mwini golosale ankandisungira mapaketi awiri kuseri, mpaka lero sindinaiwale. Amayi anu a mandasiwo afunseni kuti amaphika masiku ati ndipo amafuna zochuluka bwanji, muziwaikira padera. Mudzaona kuti za kuchotsa mtengo azichepetsa okha.

Mayi amene anagulitsapo mu holoselo:
Amayi a ku Bangwe anena zenizeni. Gulu limeneli ndi limene likuyeneradi kuchotseredwa, chifukwa amagula zambiri komanso pafupipafupi. Wogula za K15,000 masiku 20 pa mwezi wasiya K300,000. Ngakhale phindu litakhala K8 pa K100, ndi K24,000 kuchokera kwa munthu mmodzi. Mukamuchotsera K2 pa K100 mwataya K6,000, mwatsala ndi K18,000, ndipo katunduyo mumadziwiratu kuti atuluka. Chenjezo ndi loti malire a kuchotsa muwaike pamwamba pang'ono kuposa zimene munthu wamba amagula. Mukati kuyambira makilogalamu 2, aliyense alowamo, ndiye kuti mwangotsitsa mtengo wa shopu yonse. Mudzadziwa kuti malire mwawaika pansi ngati fulawa akutha msanga koma ndalama yokaodera wina ikuperewera.

Mnyamata wa okala, Mzuzu:
Nanga a ngongole bwanji? Ine anandigwetsa ndi amenewo. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinali ndi anthu ambiri m'kope. Anadzalipira pa mtengo wakale, ine popita kukaoda ndinapeza mitengo yakwera, ndalama ija sinakwane kubwezeretsa katundu yemweyo. Kuyambira pamenepo ngongole ndinatseka, ngakhale achibale. Ine ndikuti gulu la ngongole lisakhalepo n'komwe.

Mwini golosale, Chilomoni:
Achimwene a ku Mzuzu ndikumva ululu wanu, koma kwa ine kutsekeratu n'kovuta. Ambiri olembetsa ndi omwewo a tsiku ndi tsiku amene tangoona kuti ndiwo amasiya phindu. Pakati pa mwezi ganyu akasowa amalembetsa, akapeza amabweza.

Mayi amene anagulitsapo mu holoselo:
Ndiye ngongoleyo ikhale mphatso ya gulu limenelo, m'malo mwa basela. Amene kope lachiwiri likuonetsa kuti amagula pafupifupi tsiku lililonse ndi ndalama m'manja, muziwalola kulembetsa, koma ndi malire ndi tsiku lobweza. Ine ndikanati malire asapitirire phindu limene munthuyo amakusiyirani pa mwezi. Mayi wa K2,000 uja asapitirire K7,800, kuti ngakhale atasamuka usiku mpamba wanu sunakhudzidwe kwenikweni. Wolembetsa asalandirenso basela kapena kuchotseredwa. Amene muyenera kumuopa ndi uja amabwera kwa inu akakhala alibe ndalama, akakhala nazo amakagula kwina. Ameneyo kope limamuulula, chifukwa dzina lake limapezeka m'kope la ngongole lokha, m'kope linalo mzere wake uli wopanda kanthu.

Mnyamata wa okala, Mzuzu:
Malire amenewo amagwira pa pepala. Mayi amene mumagawana naye moto akafika pa K7,800 n'kubwera ndi mwana kumsana kuti kunyumba kulibe ufa, mumubweza? Ine ndinaona kuti kukana onse n'kosavuta kuposa kukana mmodzi.

Bambo wa ku Area 25:
Za zoyezayeza ndavomera, koma muwerengerenso timapepala tomangira, mafuta otsalira mu chigubu, ndi nthawi yoyeza. K15 ija ikhoza kutsika kufika K11 kapena K12. Yezani chigubu chimodzi mpaka kutha muone ndalama yeniyeni imene yatulukamo.

Mwini golosale, Chilomoni:
Chigubu chimene ndatsegula dzulo ndichiyesa motero, ndalama yake ndiziika m'chitini chapadera. Kope ndiyamba pa 15. Chikwangwani cha fulawa ndilemba ndikafunsa amayi a mandasi kuti amatenga makilogalamu angati. Za ngongole ndikadaganiza. Alipo amene anaikapo malire kwa oyandikana nawo popanda kudana? Munawauza bwanji tsiku loyamba?