Lipoti lalifupi la komiti pa nkhani ya bayogasi kwathu ku Mchinji, ndi maganizo a mamembala

Mlembi wa gulu:
A Wapampando ndi abale nonse a kumudzi, monga munatituma pamsonkhano wapita, tinayendera makomo awiri kudera la Kamwendo amene anapempha kuti gulu liwathandize kumanga thanki ya bayogasi, ndipo izi ndi zimene tapeza.

Thanki imene tikukamba ndi dzenje lomangidwa ndi njerwa ndi simenti, lokhala ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira, ndipo mpweya wakunja suyenera kulowamo. Tsiku lililonse mwini wake amathiramo ndowe zaziwisi zosakaniza ndi madzi muyezo wofanana. Mabakiteriya amene amachokera m'mimba mwa ng'ombe amawoletsa ndowezo n'kutulutsa gasi, amene gawo lake loyaka, loposa theka pang'ono, ndi metheni. Gasiyo amadzikundika kudenga n'kukankha phala la ndowe kupita ku dzenje lotulukira, ndipo kulemera kwa phalalo n'kumene kumamukankhira mu paipi mpaka ku mbaula. N'chifukwa chake sipafunika injini kapena magetsi.

Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi za ng'ombe imapereka gasi wokwana malita pafupifupi 40, pamene mbaula ya moto umodzi imadya malita pafupifupi 400 pa ola ikayaka mwamphamvu. Pakhomo loyamba pali ng'ombe zamkaka ziwiri zimene zimakhala m'khola lasimenti usana ndi usiku, ndipo titayeza pa sikelo masiku atatu tinapeza makilogalamu 40 patsiku. Amenewa ndi malita 1,600, kapena maola anayi ophika, ndipo madzi ofunika ndi zidebe ziwiri za malita 20. Popeza phala liyenera kukhala m'thanki masiku pafupifupi 50, malita 80 patsiku akufuna malo a malita 4,000, kotero thanki ya malita 6,000 ikuwakwanira pamodzi ndi malo a gasi.

Pakhomo lachiwiri pali ng'ombe zachikuda zisanu ndi imodzi, ndipo ife tomwe tinkaganiza kuti kumeneko ndiye kuli ndowe zambiri. Koma ng'ombezo zimaswera kudambo, ndowe zamasana zimatsalira komweko, ndipo zausiku zimapondedwa m'khola ladothi. Zimene zinatoleka zosasakanikira ndi dothi zinali makilogalamu 15 okha, omwe ndi malita 600, ola limodzi ndi theka basi. Gasi wotere aphika phala la ana ndi nsima imodzi, koma nyemba zouma zidzabwerera pa mafuwa. Maganizo a komiti ndi akuti tiyambe ndi khomo loyamba, ndipo lachiwiri liyambe laika simenti m'khola.

A Mbewe, a ku Lilongwe:
Zikomo a Mlembi chifukwa cha ntchito yooneka. Ine pempho langa ndi lakuti m'malo momangira khomo limodzi, timange thanki yaikulu imodzi, gasiyo tizimuthira m'masilinda ngati amene timagula kuno kutauni, n'kumagulitsa kuti gulu lizipeza ndalama.

A Mwale, mmisiri womanga:
A Mbewe, gasi wa m'masilinda a kutauni ndi wamtundu wina, amene akapanikizidwa amasanduka madzimadzi, n'chifukwa chake wambiri amakwana m'silinda yaing'ono. Metheni sasanduka choncho pa kutentha kwa masiku onse, ndipo wathuyu amabwera pamodzi ndi mpweya wosayaka komanso chinyezi, kotero mungawononge ndalama pa makina opanikizira koma silinda n'kutha musanapakule nsima yachiwiri. Chimene ndikufuna komiti isamale kwambiri ndi denga. Mng'alu woonda ngati tsitsi, umene madzi sangadutse, gasi amadutsa. Denga limafuna pulasitala wa magawo angapo ndi penti yotseka mkati, ndipo tisadzalipire mmisiri ndalama yomaliza tisanapope mpweya m'thanki yotsekedwa n'kuona ngati choyezera chikutsika pakatha tsiku. Polumikizira mapaipi timapaka thovu la sopo, ndipo pamene pakudontha pamafufuma.

Mayi Naphiri, mphunzitsi wopuma:
Ine ndikulankhula monga munthu amene anaonapo thanki yotereyi ikufa. Mlamu wanga anali nayo, ndipo chaka choyamba m'khitchini munalibe utsi, miphika inali yosada, ndiponso ana analeka kupita kunkhuni. Itafika Okutobala chitsime chinaphwa, mjigo uli kutali, ndipo zidebe ziwiri zimene a Mlembi akuzitchula mopepukazo zinagwera pamutu pa mwana wamkazi. Anayamba kuthiramo madzi ochapira zovala, kenaka moto unayamba kufooka mpaka kuzimiratu. Ndikufunsa ngati komiti inakambirana ndi amayi a pakhomo loyambalo, kapena inangolankhula ndi bambo.

A Mwale:
Mayi Naphiri mwakhudza penipeni. Sopo wambiri, mankhwala opopera nkhupakupa ndi ndowe za ng'ombe imene ikulandira jakisoni wopha mabakiteriya, zonsezi zimafooketsa tizilombo ta m'thanki. Madzi otsukira khola opanda mankhwala ndi mkodzo wa ng'ombe ndiwo amathandiza kuchepetsa maulendo a kumjigo. Koma si kufooka konse kwa moto kumene kuli imfa ya thanki. Lawi likamathothoka ndi kumveka phokoso ngati munthu akugwedeza botolo, ndiye kuti chinyezi chasanduka madzi mu paipi, ndipo kutsegula pochotsera madzi kumathetsa vutolo nthawi yomweyo. Phala lotuluka likamanunkha mosasa ndipo gasi akukana kuyaka, thankiyo yadyetsedwa mopyola muyezo, ndipo mankhwala ake ndi kuleka kuthira kwa masiku angapo.

A Banda, msungichuma:
Ine ndimadziwa kuti kuzizira kumaimitsa gasi, ndipo Juni ndi Julayi wa ku Mchinji tonse timamudziwa. Ngati miyezi iwiri thanki izikhala chete, ndalama za gulu zipite ku mjigo umene tinauika pambali chaka chatha. Komanso phala lotulukalo ndi zotsalira chabe, mphamvu yake yapita ndi gasi, kotero mlimiyo aluza manyowa a kumunda.

Mlembi wa gulu:
A Banda, pa kuzizira mwanena zoona mbali imodzi. Mabakiteriyawa amagwira bwino kutentha kukakhala madigiri 30 mpaka 35, ndipo kukatsika pansi pa 20 gasi amachepa ndithu, koma thanki yokwiriridwa m'nthaka siizizira ngati mphepo yam'mawa, kotero imachepetsa osati kuima. Ena amaika chosakanizacho padzuwa n'kuthira masana. Pa manyowa ndiye ayi, chifukwa chakudya cha mbewu chimene timagula mu feteleza, nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, chimatsalira m'phalamo. Chimene chimataika ndi nayitirojeni ngati dzenje la phala lili padzuwa, choncho lifunika denga laudzu, kapena phalalo lizithiridwa pa mulu wa mapesi. Kwa Mayi Naphiri ndivomere kuti tinalankhula ndi bambo okha, ndipo mtunda wa kumjigo sitinauyeze.

Gogo Nangondo:
Ana inu, ndamva kuti kwina amalumikiza ndi chimbudzi. Ngati n'choncho, ine nsima ya pakhomo limenelo sindidzadya.

A Mwale:
Agogo, n'zotheka kulumikiza, ndipo gasi akayaka sasiya fungo m'chakudya, koma phala lake limafuna kusamala kwambiri chifukwa mazira a njoka zam'mimba safa onse. M'pulani iyi chimbudzi mulibe.

Wapampando:
Komiti ibwerere pakhomo loyamba Loweruka pamodzi ndi Mayi Naphiri, ikamve kwa amayi ndi kuyeza mtunda wa kumadzi. A Mwale atibweretsere mitengo ya simenti, njerwa, mapaipi ndi mbaula, komanso atiuze kumene tikapeze ndowe zodzazira thanki koyamba, popeza ng'ombe ziwiri sizingakwanitse zimenezo pa sabata imodzi. Nkhani ya mjigo ya a Banda ikhala yoyamba pamsonkhano wa mwezi wamawa.