Mlandu wa kalembedwe ka mwana wanga: mmene zathera

Mwezi watha ndinafunsa kuti: "Mwana wanga akumuganizira ku yunivesite kuti ntchito yomwe anapereka sanalembe yekha. Kodi kalata ya mphunzitsi wake wakale ingamuthandize?"

Ndabweranso kudzakuuzani kuti yathandiza, koma osati kalata yoyamba.

Aphunzitsi ake a Chingerezi a ku sekondale analemba kuti mtsikanayu ndi wokhulupirika komanso wakhama. Komiti yofufuza inati zimenezo ndi za khalidwe, pomwe nkhani ili pa kalembedwe. Zinandiwawa, koma ankanena zoona.

Tinabwereranso kwa aphunzitsiwo. Ulendo uno anafotokoza kuti anamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo anachonga zimangirizo zake zambiri zolembedwa m'kalasi iwo akuona. Kenako anatchula zizolowezi zake: amakonda kuyamba ndime ndi funso, ziganizo zake ndi zazitali zodzaza mipumiro, ndipo pali mawu awiri omwe wakhala akuwalakwitsa kuyambira kale. Mawu omwewo analakwikanso mu ntchito imene ankaikayikira ija! Pa kalatayo anaphatikizapo masamba atatu a m'kope lake lakale, okhala ndi madeti ndi inki yofiira. Mwamwayi, makopewo mayi ake sanayatsire mbaula.

Chomwe ndinagoma nacho n'chakuti aphunzitsiwo sanalumbire kuti ntchitoyo analemba ndi iyeyo, poti sanalipo. Anangoti ikufanana ndi kalembedwe komwe akukadziwa.

Kalata yokha sinathetse mlandu. Komiti inamuitanabe, n'kumufunsa pamaso chifukwa chomwe anasanjira mfundo zake motero, n'kuonanso zolemba zake zoyeserera. Lachisanu lapitali anamulembera kuti nkhaniyo yatsekedwa, ndipo malikisi ake amubwezera.