Ndithandizeni za nsapato ndi jekete, intavyu ili Lachitatu

Abale anga a pa Kasungu pano, andiitana ku intavyu ya ukalaliki, yoyamba chibadwire, ndiye zovala zandizunguza mutu. Dzulo ndinapita mumsika pa boma atangotsegula belo la kaunjika, ndinatola shati yoyera ya manja aatali ndi thalauzi yakuda, koma kufika kunyumba kuona bwino kolala yachita chikasu komanso yanyenyeka pamene imakhudza khosi paja. Ndainyika mu sopo usiku onse, olo kusintha. Pali yemwe anayesapo jiki pa kolala yotere kapena ndingoitaya?

Nkhani yaikulu ndi nsapato. Ndapeza yachikopa yakuda saizi 43 pomwe ine ndimavala 42, nditaipinda soli sinaonetse ming'alu koma chidendene chadyeka mbali imodzi, ogulitsa akuti asoka nsapato akhomapo labala, polishi basi yatheka. Ndikuopa kuti izikavuka poyenda ine nkumakakoka phazi pamaso pa mabwana. Nditenge ndiikemo kansalu, kapena ndidikire belo lina?

Jekete ilipo ya achimwene koma mapewa akugwa, manja akuphimba zala. Atelala akuti manja afupikitsa koma mapewa ayi. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, shati ndi tayi zokha sizingakwane?