Keke yapserera pa 4, kodi ndalakwitsa pati?

Nabanda, Ulongwe: Anzanga ophika makeke ndithandizeni mutu waima. Ndili ndi oda ya keke ya ukwati Loweruka, dzulo ndimayeserera resipi ina ya ku Ingalande inalemba kuti Gas Mark 4 mphindi 45. Uvuni wanga ndi wa gasi, kotembenuzira kake kali ndi manambala 1 mpaka 5, ndiye ndinangoika pa 4. Pomwe zimakwana mphindi 20 fungo lopserera nyumba yonse, pamwamba bii, yang'ambika pakati, koma kubaya kamtengo kakutuluka ndi phala. Mazira sikisi ndi batala zapita basi. Ina ya ku Amereka ikuti 350°F, kabuku kanga ka Chipwitikizi kakuti 180°C, nanga zoona ndi ziti?

Mayi a Tadala, Zobwe: Pepani asisi. Komatu 350 musayerekeze, uvuni wanga umathera pa 250, amenewo amaphikira mauvuni a m'mafakitale.

Bambo a padariya, Mowatize: Ayi mayi, 350 imeneyo ndi ya Farenihaiti, si moto wa fakitale. Manambala atatu onse amene atchula a Nabandawa ndi moto umodzimodzi, angosiyana kawerengedwe. Kuti mubwere ku Selisiyasi mumatere:

```
°C = (°F - 32) × 5 ÷ 9
```

350 kuchotsa 32 ndi 318, kuchulukitsa ndi 5 ndi 1590, kugawa ndi 9 mupeza 177 osakwana pang'ono, ndiye anthu amangoti 180. Gasi maki 4 ndi yomweyo. Maki iliyonse imakwera ndi madigiri 25 a Farenihaiti, 5 ndi 375°F kapena 190°C, 6 ndi 400°F kapena 200°C.

Koma chapsereza keke yanu si masamu ayi. Gasi maki ya Angerezi imayenda kuyambira 1 mpaka 9, ndiye 4 wawo ndi moto wapakatikati. Wanuwo ukuthera pa 5, kutanthauza kuti 4 wanu watsala pang'ono kufika pamapeto. Manambala amenewo anangolemba opanga chitofu, sali pa muyezo wa Angerezi. Kuda pamwamba, kung'ambika, mkati mwamuwisi, zonsezo zikunena chinthu chimodzi, kunja kunauma msanga mkati musanafufume.

Chemwali wa masikono, Tete: Ine zonsezo sindivutika nazo, ndimangogawa pawiri. 350 theka lake 175, 400 theka lake 200, basi ndaphika.

Bambo a padariya, Mowatize: Pa keke zimatheka ndithu chemwali, pa 320°F mpomwe zimagwirizana ndendende, 160. Koma mukamakwera zimayamba kuperewera, 450°F theka lake 225 pomwe yeniyeni ndi 232, buledi amene amafuna moto waukali amatuluka wotuwa. Komanso inu uvuni wanu uja si wamagetsi wa fani? Pamenepo muzichotsanso 20, ya 180 muziika 160.

Chemwali wa masikono, Tete: Eee nchifukwa chake masikono anga amauma m'mbali?? Ine ndimanamizira kutentha kwa kuno ku Tete.

Nabanda, Ulongwe: Zikomo bambo ndamva, koma funso langa likadalipo, 180 ndiipeza pa nambala iti poti pachitofu panga palibe digiri olo imodzi yolembedwa?

Bambo a padariya, Mowatize: Chabwino kwambiri ndi kathemomita ka mu uvuni kopachika pa waya wapakati. Yatsani pa 2, dikirani mphindi 20 osatsegula, werengani, kenako pa 3 chimodzimodzi, mulembe papepala mumate pakhoma. Ngati simukapeza Loweruka lisanafike yesani ndi shuga. Shuga woyera amasungunuka cha pa 186°C. Thirani supuni imodzi pa kambale ka foyilo, ikani pakati uvuni utatentha kale, mphindi 15. Akasungunuka ndiye kuti mwadutsa 180, akakhala mbuu ngati mchenga muli pansi pa 186. Nambala yomaliza imene shuga sanasungunuke, yambirani pamenepo, mwina mpaka kuika pakati pa manambala awiri.

Mayi a Tadala, Zobwe: Shuga wake wabulauni uja angachite? Ndi amene ndili naye.

Bambo a padariya, Mowatize: Woyera mayi, wabulauni ali ndi chinyezi akusokonezani.

Aphunzitsi opuma, Tsangano: Ndiponyeko mawu. Kuno kumtunda ine ngakhale moto ukhale wolondola keke imafufuma msangamsanga kenako nkugwa pakati, ndinachita kuchepetsako bekingi paudala ndi kukwezako moto pang'ono. Ku Ulongwe nakonso nkokwera, mwana wanga, resipi ya ku Ingalande mwina ikuvutanibe.

Bambo a padariya, Mowatize: Zimenezo aphunzitsi mukudziwa ndinu, ife kuno kuchigwa sitikumana nazo. Koma ayambe apeza kaye 180 wawo, asasinthe zinthu ziwiri tsiku limodzi.

Nabanda, Ulongwe: Ndayesa madzulo ano. Pa 2 shuga ali gwa osasintha, pa 3 wasanduka madzi abulauni. Mawa ndiphika theka la resipi kotembenuzira kali pakati pa 2 ndi 3, bekingi paudala sindimukhudza kaye, ikagwa pakati ndibweranso kwa aphunzitsi.