Za ka "tiki-tiki" ka njinga yamoto ija

Funso langa lija: "Akuluakulu, njinga yanga ya 125 ikumalira tiki-tiki kumutu kwa injini, n'chiyani?"

Ndabweranso. Anali mavavu. Dzulo m'mamawa, chisanu cha Mzuzu chidakali m'mafupa, injini ili zii, ndinazunguza injini mpaka chilembo T cha pa fulayiwilo chitalunjika pa chizindikiro chake, tizitsulo tokankha mavavu tonse tiwiri tikugwedera. Bukhu la njingayi limati mpata wa pakati pa kachitsulo kokankha ndi vavu ukhale 0.08mm, wa vavu yotulutsa utsi unali 0.15mm. Ndinamasula nati, n'kupotokola sikuluwu mpaka kachitsulo koyezera kakudutsa mokhulakhula pang'ono. Pomanga nati sikuluwu imatsatira, ndiye ndinayezanso kawiri.

Koma inayo, yolowetsa mafuta, ndiyo inandiopsa: mpata wake unali wochepetsetsa, ndipo simalira konse. N'chifukwa chake injini ikatentha imangozima ndikaima pa msika wa Chibavi.