Kanema wanga akuphethira ndikamusandutsa katuni, thandizeni

Wofunsa: Akuluakulu, ndili ndi kachidutswa ka masekondi 8 ka kanema wa nyimbo, mafulemu 25 pa sekondi, onse pamodzi 200. Mtsikana wavala chitenje, akuvina, kenako akutembenuka. Ndadutsitsa fulemu iliyonse mu Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, pa img2img kuti ioneke ngati yopaka penti. Iliyonse payokha ndi yokongola, koma ndikazilumikiza, maluwa a pachitenje akusintha nthawi zonse, nkhope ikuwira, khoma la kumbuyo likuphethira. Ndilakwitsa pati?

Wojambula maukwati: Achimwene, amenewo ndi magetsi. Athu kuno ndi a 50Hz, ndiye shata muziika pa 1/50 mukamajambula pansi pa mababu. Ine zinkandivuta m'maholo a ukwati mpaka ndinazolowera.

Wofunsa: Zikomo bambo, koma tinajambula panja masana. Kanema woyambirirayo ali bwinobwino.

Mnyamata wa makatuni: Ikani `seed` imodzi, nambala yomwe pulogalamuyo imayambira popanga chithunzi, pa mafulemu onse, basi nkhani yatha.

Mkonzi wa makanema: `Seed` imodzi ndi poyambira chabe, aphwanga, siithetsa vutoli. Pulogalamuyo siidziwa kuti fulemu 41 ndi 42 ndi zapachibale. Iliyonse imaithira phokoso, timadontho tosokonekera tomwe `seed` imasankha, kenako n'kuijambulanso, ndiye mtsikanayo akangosuntha pang'ono, duwa la pachitenje limagwera pa phokoso lina ndipo limatuluka duwa lina. Nthawi zina `seed` yosasintha imachititsa kuti mizere ya penti ikakamire pamalo amodzi, munthu n'kumadutsa pansi pake ngati ali kuseri kwa galasi lakuda.

Achimwene ofunsa, `denoising strength` mwaika pa zingati?

Wofunsa: 0.7.

Mkonzi wa makanema: Ndi pamenepo. Pa 0.7 mwaipatsa ufulu wopeka zambiri. Mukatsitsa kufika cha ku 0.35 kuphethira kumachepa, koma pentiyo imachepanso, kanema amatsala ngati wangopakidwa mafuta. Ine ndikanasiya kujambulitsa mafulemu onse 200. Sankhani ochepa, muwakongoletse momwe mukufunira, kenako pulogalamu ya EbSynth itenge utotowo n'kuuyendetsa pa otsalawo. Iyo siipeka chatsopano, imangotenga tizigamba ta chithunzi chanu n'kutitsatiza mmene zinthu zikuyendera m'kanema woyambirira, n'chifukwa chake duwa limakhala lomwelo.

Yambani ndi kupanga foda ya `mafulemu`, kenako muphwanye kanemayo:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 mafulemu/%04d.png
```

Kenako muyang'ane pomwe chinthu chatsopano chikuonekera. Tinene kuti wayang'ana kamera kuyambira 1 mpaka 90, akutembenuka pakati pa 90 ndi 120, kenako tikuona msana. Musankhe ina cha ku 45, ina cha ku 105 pomwe ali cham'mbali, ina cha ku 160. Ya nkhope singakupatseni msana, poti utoto wa msanawo mulibemo. Mukakakamiza, muona nkhope ikutsetsereka kupita kukhutu ngati yasungunuka, ndiye chizindikiro choti pakufunika fulemu ina yokongoletsedwa pamenepo.

Ziwiri zomwe ambiri amagwa nazo. Fulemu yokongoletsedwa ikhale ya kukula kofanana ndi yoyambirira, nambala yake yomweyo, ndipo mphuno ikhale pomwe panali mphuno. ControlNet ya `canny` kapena `depth` imathandiza kugwira mizereyo. Chachiwiri, zitatuzo zifanane zokhazokha. Mukazipanga padera, ina ituluka ndi chitenje chofiira, ina chofiirira, ndipo polumikiza muona chikusungunukira mu chinzake. Ziikeni zonse m'chithunzi chimodzi, mbali ndi mbali, zidutse mu img2img kamodzi, kenako muzidule.

Mayi wophunzitsa zojambula: Ine mafulemu osankhidwawo ndimapenta ndi manja, ndipo amagwira bwino kuposa a makina. Koma pa gule wothamanga ndinalephera, manja akadutsa pankhope pamatsala zamatope. Ndinatsitsa kanema kufika mafulemu 12 pa sekondi ngati makatuni akale, diso linasiya kudandaula.

Mnyamata wa makatuni: Nanga bwanji osangothira `deflicker` ya ffmpeg pamapeto? Zonsezi n'zautali.

Mkonzi wa makanema: Imeneyo imalinganiza kuwala kokha pakati pa mafulemu oyandikana. Khoma lophethira ingalithandize, koma duwa lomwe lasanduka tsamba siingalibweze. Za manjazo mayi akunena zoona. Komwe kunabisika n'kuonekeranso kulibe chotsatira. Ndimadula munthu ndi masiki, khoma ndimalipanga palokha, ndipo pomwe dzanja likudutsa ndimaonjezera mafulemu okongoletsedwa pafupipafupi. Ngakhale choncho sizitheratu.

Wofunsa: Ndayesa zitatuzo m'chithunzi chimodzi. Nkhope ndi khoma zakhazikika. Chitenje chili bwino mpaka 130, pomwe chikupepeluka ndi mphepo, apo maluwa akupakana. Ndionjezere fulemu pa 135 kapena ndidule chitenjecho pachokha?

Mayi wophunzitsa zojambula: Onjezerani kaye, n'zosavuta. Koma nsalu yopepeluka ine sindinaigonjetsepo.