Macheza a WhatsApp ali pa memori khadi, koma foni yatsopano sikuwaona

Yamikani (Chinamwali): Akuluakulu, thandizeni. Mayi wina wogulitsa nsomba za ku Kachulu wagula foni ya Android 13, yakale ya Android 8 inagwera m'madzi. Wandipatsa memori khadi ya 16 GB. Pa laputopu ndikuona foda ya `WhatsApp`, muli `Databases` ndi `Media`. Ndaika khadiyo m'foni yatsopano, WhatsApp sikufunsa zobwezeretsa macheza. Ngongole za makasitomala ake zonse zili m'machezamo.

Gift (Matawale): Achimwene, foni ikafunsa zofomata khadi musavomere. Mwina khadiyo inakhazikitsidwa ngati memori ya m'kati mwa foni yakale. Yotero imatsekedwa, kiyi wake amakhala m'foni momwemo.

A Kalinde (msika wa Zomba): Zosafomata n'zoona a Gift, koma khadi yotsekedwa laputopu sikanaonetsa mafoda. Vuto ndi malo. WhatsApp ya m'foni yatsopanoyo sifufuza pa khadi, ndipo kuyambira Android 11 imayang'ana apa, m'memori ya m'kati:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Databases
```

Choyamba kopani khadi yonse pa laputopu, chifukwa yakhalapo m'madzi. Kenako chotsani WhatsApp m'foni yatsopano, muiikenso, koma musaitsegule. Mukakopera mafayilo m'foni musanaichotse mwagwira ntchito pachabe, poti foda ya `com.whatsapp` imapita nayo limodzi. Pangani mafodawo pamanja ngati palibe, zilembo zikhale ndendende, n'kuika `Databases` ndi `Media` mu foda ya `WhatsApp`. Ndiye tsegulani, lembani nambala yomwe ija, ndipo ikapempha chilolezo choona mafayilo mulole. Ambiri amadumpha pamenepa. Ikapeza bakapu, dinani `Restore`.

Chisomo (Songani): Ine ndimangotsegula PhotoRec, zithunzi zimabwera zonse.

A Kalinde: Imeneyo ndi ya mafayilo ofufutidwa, mchemwali. Apa palibe chafufutidwa. A Yamikani, mu `Databases` muli chiyani?

Yamikani: `msgstore.db.crypt14` ya 0 KB, ndi zina zokhala ndi madeti, pafupifupi 48 MB iliyonse.

A Kalinde: Ya 0 KB ndi yopanda kanthu, mwina foni inazima ikulemba bakapu ya 2 koloko usiku. Ichotseni. Tengani ya deti laposachedwa, mufufute detilo ndi `.1`, dzina likhale `msgstore.db.crypt14`. Zolembedwa bakapuyo itapangidwa sizibwera, auzirenitu mayiwo.

Yamikani: Zatheka bwana, macheza abwera! Koma zithunzi zikuoneka mbuu, mawu ojambula sakulira.

Gift: Onani ngati `Media` yakhala pambali pa `Databases`, osati m'kati mwake. Ndiponso kukopa pa chingwe kumaduka mwakachetechete. Yerekezani kuchuluka kwa mafayilo mu `WhatsApp Images` ndi `WhatsApp Voice Notes` mbali zonse ziwiri.

Chisomo: Nanga simu ikanatayika limodzi ndi foni?

A Kalinde: Akabwezeretse nambala ku TNM kapena Airtel ndi chiphaso cha unzika. Nambala ina siitsegula fayiloyi.

Yamikani: Pa khadi zithunzi zilipo 3,120, m'foni 1,904. Ndikukopanso foda imodziimodzi, mawu ojambula ndiwaona ndikamaliza.